Ngongole Yokhala ndi Malire: Mmene Kampani Inalekanirana ndi Mwini Wake

Kwa zaka mazana ambiri lamulo la amalonda ku Britain linali losavuta kumva: ngongole ya bizinesi inali ngongole ya mwini wake. Munthu akatenga katundu pangongole, malonda n'kusokonekera, womukongoza ankayamba ndi kulanda za m'sitolo, kenako ankafika kunyumba n'kutenga mipando, mahatchi, ngakhale nyumba yeniyeniyo. Zonsezo zikapanda kukwana, wangongoleyo ankatha kuponyedwa m'ndende, ndipo mchitidwe wotsekera anthu chifukwa cha ngongole unadzachepa kwenikweni ku Mangalande mu 1869.

Anthu akaphatikiza ndalama kuti achite malonda pamodzi, vuto linkakula. Aliyense mwa iwo ankasenza ngongole yonse ya gululo, osati gawo lake lokha. Ngati anthu khumi asonkha mpamba, mmodzi n'kusaina pangano loipa m'dzina la gulu, wokongoza anali ndi ufulu wosiya osauka asanu ndi anayi aja n'kulunjika kwa wolemera mmodzi, kuti alipire zonse. N'chifukwa chake amalonda ankagwirizana ndi abale awo, apongozi awo kapena anzawo a mumpingo, anthu amene ankadziwa khalidwe lawo ndiponso zimene zinali m'thumba mwawo. Kuika ndalama m'manja mwa mlendo kunali kuika moyo wonse pachiswe.

Njira yothawira msampha umenewu inalipo, koma inali ya ochepa. Mfumu kapena Nyumba ya Malamulo inkatha kupereka chikalata chapadera chosandutsa gulu la amalonda kukhala bungwe loima palokha, monga inachitira ndi East India Company mu 1600. Kupeza chikalata chotere kunkafuna ndalama zambiri ndi abwenzi audindo. Mu 1720, pamene anthu ankalimbirana masheya a South Sea Company ndi a makampani ena ongotulukira, Nyumba ya Malamulo inaletsa magulu opanda chikalata kuchita zinthu ngati makampani. Mtengo wa masheyawo utagwa chaka chomwecho, anthu ambiri anasauka, ndipo mbiri ya makampani inaipa kwa nthawi yaitali. Lamulo loletsalo linachotsedwa mu 1825.

Zaka za mkangano

Chimene chinasintha maganizo chinali kukula kwa ntchito. Njanji, ngalande zoyendamo mabwato, migodi ndi mafakitale zinkafuna mpamba woti banja limodzi silingaukwanitse. Pankafunika ndalama za anthu masauzande osadziwana: mphunzitsi, m'busa, mayi wamasiye wosunga kangachepe. Koma munthu wotere akanavomera bwanji kuika mapaundi 50 m'kampani imene sadzaiyendetsa, pomwe ikagwa akhoza kutaya ndi nyumba yomwe? Maiko ena anali atayamba kale kuyankha funsoli. Ku France malamulo a zamalonda a 1807 ankalola kuti munthu wongoika ndalama, wosayendetsa nawo bizinesi, ataye zokhazo zimene anaika. Dera la New York linatsegula njira yosavuta yolembetsera makampani a mafakitale mu 1811.

Ku Britain zinthu zinayenda pang'onopang'ono. Lamulo la 1844, limene William Gladstone analimenyera nkhondo, linalola kuti kampani ibadwe pongoilembetsa ku ofesi ya boma, popanda kukagwada kwa mfumu. Koma eni masheya ankasenzabe ngongole zonse. Otsutsa kusintha ankati munthu wodya phindu ayeneranso kusenza zotayika, ndipo kumupatsa malire n'kulimbikitsa chinyengo ndi kutchova juga ndi ndalama za ena. Ofuna kusintha ankati anthu ali ndi ufulu wopangana mmene afunira, bola aliyense adziwiretu amene akuchita naye malonda.

Mbali yachiwiriyi inapambana mu 1855. Lamulo la chaka chimenecho linalola kampani ya anthu osachepera 25 kuika malire pa ngongole ya eni ake, koma linalamula kuti dzina la kampaniyo lizithera ndi liwu lakuti Limited. Liwulo linali chenjezo kwa aliyense wofuna kukongoza kampaniyo: udziwe kuti zinthu zikavuta, uthera pa katundu wa kampani, sudzafika pakhomo pa eni ake. Chaka chotsatira, mu 1856, Robert Lowe anabweretsa lamulo lina limene linapeputsa zinthu kwambiri. Anthu 7 okha, atasaina chikalata chokhazikitsira kampani, anali okwanira. Malamulo onsewa anawasonkhanitsa pamodzi mu 1862.

Malire ake anali otani kwenikweni? Mwini sheya ankayenera kulipira mtengo wonse wa sheya imene analonjeza kugula, basi. Ngati anailipira yonse, palibe amene akanamufunsa kanthu. Koma ngati analipirako gawo chabe, chotsalacho chinali ngongole yake. Ambiri anaphunzira zimenezi mowawa mu 1866, pamene kampani yobwereketsa ndalama ya Overend, Gurney inagwa ku London. Masheya ake anali a mapaundi 50, koma ogula anali atalipira mapaundi 15 okha pa sheya iliyonse. Kampani itagwa, aliyense anapezeka kuti akhoza kuitanitsidwa mpaka mapaundi 35 pa sheya imene inali itasanduka pepala wamba. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kukonda masheya a mtengo wochepa olipiridwa onse.

Tsoka la ku Glasgow

Mabanki anapatsidwa mwayi woika malire amenewa mu 1858, koma ambiri akuluakulu sanautenge. Ankati munthu amasungitsa ndalama zake mtima uli m'malo akadziwa kuti chuma chonse cha eni banki chili kumbuyo kwa ndalamazo. Imodzi mwa mabanki otere inali City of Glasgow Bank ya ku Sikotilandi, yokhazikitsidwa mu 1839, imene inali ndi nthambi 133. Pakati pa chaka cha 1878 inalengeza kuti eni masheya alandira mapaundi 12 pa mapaundi 100 alionse, ndipo anthu ankaiona ngati malo odalirika oikamo ndalama za ukalamba ndi za ana amasiye.

Pa 2 Okutobala 1878 bankiyo inatseka zitseko zake. Ofufuza mabuku anapeza kuti akuluakulu ake anakongoza ndalama zochuluka kwa makampani owerengeka okha, ochita malonda kutali monga ku India, Australia ndi New Zealand, ndipo makampaniwo sakanatha kubweza. Kwa zaka zingapo akuluakuluwo ankalemba manambala abodza m'malipoti, ndiponso ankagula mobisa masheya a banki yawo yomwe kuti mtengo usatsike. Dzenje limene linatsala linaposa mapaundi 5 miliyoni.

Apa ndi pamene lamulo lakale linaonetsa mano ake. Eni masheya analipo 1,819. Otseka bankiyo anaitanitsa koyamba mapaundi 500 pa gawo lililonse la mapaundi 100. Ambiri analephera. Anagulitsa nyumba, minda ndi masitolo, koma sizinakwane, ndipo analengezedwa kuti alibe kanthu. Ngongole ya olepherawo sinafafanizidwe. Inasamukira kwa amene anali ataimabe. Choncho kuitanitsa kwachiwiri kunali kwa mapaundi 2,250 pa gawo lomwelo. Munthu amene anali ndi gawo la mapaundi 100 anafunika kupereka mapaundi 2,750, ndipo wa gawo la mapaundi 400 anafunika mapaundi 11,000, chuma chimene mphunzitsi wa nthawi imeneyo sakanachipeza m'moyo wake wonse. Zonse zitatha, anthu 254 okha ndi amene anatsala asanagwe.

Chomvetsa chisoni kwambiri chinali cha osunga chuma cha masiye. Munthu akasankhidwa kuyang'anira chuma cha mnzake womwalira, dzina lake ndi limene linkalembedwa m'buku la eni masheya. Mu 1879 khoti lalikulu la House of Lords linagamula kuti anthu oterewa alipire kuchokera m'thumba mwawo, ngakhale kuti sanadyepo phindu la masheyawo. Akuluakulu a banki anazengedwa mlandu ku Edinburgh kumayambiriro kwa 1879. Robert Stronach, amene anali manijala, ndi Lewis Potter analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 18, ena asanu miyezi 8. Osungitsa ndalama anabwezeredwa zawo, koma mtengo wake unali kusauka kwa mabanja amene sanaonepo ngakhale buku limodzi la bankiyo.

Dziko linagwedezeka. Anthu olemera anayamba kugulitsa masheya a mabanki, poona kuti pa tsoka lotere wolemera ndiye amatsala akulipirira onse. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la 1879 lothandiza mabanki kuika malire, pamodzi ndi ndalama yodziwika imene mwini sheya angaitanitsidwe banki ikagwa. M'zaka zochepa mabanki akuluakulu ambiri anatsata njira imeneyi. Phunziro la ku Glasgow linali lakuti pamene mwini ndalama sali woyendetsa bizinesi, kumusenzetsa ngongole yopanda malire n'kulanga munthu wosalakwa.

Wosoka nsapato wa ku Whitechapel

Panatsala funso lina. Nanga mwini ndalama akakhala yemweyo woyendetsa bizinesi, chitetezochi chimamuyenera? Yankho linachokera pa mlandu wa Aron Salomon, wamalonda a zikopa ndi nsapato za jombo ku Whitechapel, mumzinda wa London. Iye anachita bizinesiyo payekha kwa zaka pafupifupi 30, ndipo inkayenda bwino. Mu 1892 anaisandutsa kampani, mwa zina pofuna kulowetsamo ana ake. Lamulo linkafuna anthu 7, ndiye anasaina iyeyo, mkazi wake, mwana wake wamkazi ndi ana ake aamuna anayi. Pa masheya 20,007, Salomon anatenga 20,001, enawo imodzi imodzi.

Kenako anagulitsa bizinesi yake kwa kampaniyo pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 39,000. Kampani inamulipira mapaundi 20,000 ndi masheya, ndalama zina zinapita kukathetsa ngongole zakale ndi kumupatsa pamanja, ndipo mapaundi 10,000 inamulembera chikalata cha ngongole chokhala ndi chikole pa katundu wa kampaniyo. Apa tiyenera kuonetsetsa. Salomon tsopano anali mwini masheya, analinso woyendetsa kampani, komanso anali wokongoza kampani wokhala ndi chikole, amene pogawana katundu amayamba kulandira ena asanalandire.

Posakhalitsa malonda a nsapato anavuta. Kunali masitalaka, ndipo boma, limene linkagula jombo zambiri kwa Salomon, linayamba kugawa maoda ake kwa opanga ambiri. Katundu anaunjikana mosungiramo. Salomon ndi mkazi wake anathiramo ndalama zawo, ndipo iye anakongola mapaundi 5,000 kwa Edmund Broderip, n'kupereka chikalata chake chija ngati chikole, ndalamazo n'kuzipereka ku kampani. Sizinathandize. Mu 1893 kampani inalephera kulipira chiwongoladzanja ndipo inatsekedwa. Katundu atagulitsidwa, Broderip n'kulipidwa, panatsala mapaundi 1,055. Amene anapereka katundu pangongole popanda chikole ankafuna mapaundi 7,733. Salomon anati ndalama zotsalazo ndi zake, chifukwa cha chikalata chake cha chikole.

Wotseka kampani anakana, nati kampaniyo inali Salomon yemweyo atavala dzina lina, choncho alipire ngongole zonse. Woweruza woyamba, Vaughan Williams, anagwirizana nazo, nati kampaniyo inkangogwira ntchito m'malo mwa Salomon. Khoti la apilo mu 1895 linaonjezera kuti mkazi ndi ana aja anali ongodzaza malo, ndipo Nyumba ya Malamulo sinapange lamuloli kuti munthu mmodzi azibisalamo. Salomon anali atasauka kotheratu, moti anakafika ku House of Lords ngati mmphawi wosatha kulipira ndalama za khoti.

Mu Novembala 1896 oweruza onse a khotilo, kuphatikizapo Lord Halsbury ndi Lord Macnaghten, anagamula mokomera Salomon. Mfundo yawo inali yakuti lamulo linafuna anthu 7 okhala ndi sheya imodzi kapena kuposa, ndipo silinanene kuti akhale osachita chibale kapena kuti masheya awo afanane. Kampani ikalembetsedwa motsata lamulo, imakhala munthu wina pamaso pa lamulo, wosiyana ndi amene anaikhazikitsa, ngakhale bizinesi, antchito ndi wodya phindu akhale omwe aja. Ili ndi katundu wake, ndipo ili ndi ngongole zake. Panalibe chinyengo, chifukwa eni masheya onse ankadziwa mtengo umene bizinesi inagulidwira, ndipo okongoza aja ankadziwa kuti akuchita malonda ndi kampani ya malire. Salomon anamwalira mu 1897, atangopambana kumene.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lakuti n'chifukwa chiyani mwini kampani salipira ngongole zake zonse. Sikuti lamulo limamukhululukira. Ngongoleyo siinali yake kuyambira pachiyambi. Amene anakongola ndi kampani, ndipo chimene mwiniyo analonjeza kwa kampani ndi mtengo wa masheya ake okha.

Amene amatsala atasenza

Koma mlandu suwola. Mapaundi 7,733 aja sanasungunuke mumlengalenga. Anatayika m'matumba a amene anapereka katundu wawo akukhulupirira kuti adzalipidwa. Ku Glasgow katundu wolemera anagwera eni masheya, okongoza n'kupulumuka. Kwa Salomon anagwera okongoza, mwini n'kupulumuka. Lamulo la malire silichotsa kutayika kwa ndalama. Limangosankha amene asenze, ndipo mbiri yonse yotsatira ndi ya kufufuza pamene kusankhako kumapitirira muyeso.

Nyumba ya Malamulo inayamba kukonza mwamsanga. Mu 1897 inalamula kuti ngongole zina, monga malipiro a antchito, zizilipidwa wokhala ndi chikole cha katundu yense wa kampani asanatenge zake. Pambuyo pake kunabwera malamulo oti oyendetsa kampani amene achita malonda mwachinyengo, kapena amene apitiriza kutenga ngongole akudziwa kuti kampani siingapulumuke, akhoza kulamulidwa kulipira kuchokera m'thumba mwawo. Chitetezo ndi cha mwini sheya monga mwini sheya. Sichiphimba zolakwa zimene munthu wachita ndi manja ake ali pa mpando woyendetsa.

Makhoti nawo anaika malire. Pa mlandu wa mu 1933, munthu wina dzina lake Horne, amene analonjeza kuti akachoka ku Gilford Motor Company sadzakopa makasitomala ake, anatsegula kampani kuti achitiremo zomwezo. Khoti linaletsa iye pamodzi ndi kampaniyo. Pa mlandu wa mu 1962, munthu wina dzina lake Lipman anagulitsa nyumba, kenako anasintha maganizo n'kuisamutsira ku kampani yake kuti wogula asaipeze. Khoti linalamula kuti nyumbayo iperekedwe. Pa milandu yonse iwiri udindo unalipo kale, kampani n'kupangidwa kuti munthu authawe. Izi n'zosiyana ndi za Salomon, amene anakhazikitsa kampani bizinesi ikuyenda bwino. Makhoti a ku Britain amalowerera motere mwa apo ndi apo, ndipo mu 2013, pa mlandu wa Prest, khoti lalikulu linatsindika kuti njira imeneyi ndi yopapatiza kwambiri.

Kulekana kwa kampani ndi mwini wake kumalumanso mwiniyo. Mu 1925 Macaura, wa ku Ireland, anataya mlandu wa inshulansi pa chifukwa chimenechi. Iye anagulitsa matabwa ake kwa kampani imene masheya ake anali a iye yemwe, koma inshulansi anaidula m'dzina lake. Matabwa atapsa sanalandire kanthu, chifukwa sanali akenso. Anali a kampani. Munthu sanganene kuti katundu ndi wa kampani okongoza akabwera, n'kunenanso kuti ndi wake phindu likaoneka.

Malamulo a makampani a ku Malawi ndi ku Zambia anachokera ku mwambo wa ku Britain womwewu, ndipo mlandu wa Salomon umaphunzitsidwabe kwa ophunzira zamalamulo kuno. Zinthu ziwiri zimasokoneza amalonda athu kawirikawiri. Choyamba, kulembetsa dzina la bizinesi sikufanana ndi kulembetsa kampani. Wolembetsa dzina lokha akadali pansi pa lamulo lakale lija: ngongole ya golosale yake ndi yake, mpaka nyumba. Chachiwiri, mabanki anaphunzira kalekale phunziro la okongoza a Salomon. Kampani yaing'ono ikapempha ngongole, banki imafuna kuti mwini wake asaine kuti adzalipira yekha kampani ikalephera, kapena apereke chikalata cha nyumba yake ngati chikole. Akasaina pepala limenelo, wagwetsa yekha mpanda umene lamulo linamumangira, pa ngongole imeneyo.

Zimenezi zikuonetsa amene lamuloli limamupweteka kwenikweni. Wamphamvu ngati banki amadziteteza ndi chikole. Wopereka katundu wamng'ono, mlimi wogulitsa mbewu pangongole ndi wantchito alibe mphamvu yoitanitsa chikole, koma mwina akhoza kufunsa, kuchepetsa katundu wopereka pangongole, kapena kufuna gawo la ndalama patsogolo. Palinso gulu lachitatu limene silinapangane kanthu ndi kampani: anthu ovulazidwa ndi ntchito zake. Mfundo ya 1855 inali yakuti wokongoza wachenjezedwa ndipo wasankha yekha. Munthu amene mtsinje wake waipitsidwa sanawerenge dzina la kampani, ndipo sanasankhe kanthu.

Nkhani imeneyi inafika pafupi ndi kwathu. Anthu 1,826 a m'midzi yozungulira Chingola ku Zambia anasumira Konkola Copper Mines pamodzi ndi kampani yaikulu imene inali ndi masheya ambiri mmenemo, Vedanta Resources ya ku London, ponena kuti zotuluka mumgodi wa Nchanga zinaononga madzi ndi minda yawo. Vedanta inati mgodiwo ndi wa kampani ina, yoima payokha. Mu Epulo 2019 khoti lalikulu la ku Britain linalola kuti mlanduwo umvedwe ku Mangalande. Silinagwetse mfundo ya Salomon, ndipo silinagamule kuti Vedanta ndi yolakwa. Linati ngati kampani yaikulu imalowerera pa kayendetsedwe ka kampani yaing'ono, kapena imalengeza kuti ndiyo imayang'anira zachilengedwe kumeneko, ikhoza kuyankha mlandu pa zochita zake zomwe. Nkhaniyo inatha mwa kugwirizana kunja kwa khoti mu 2021.

Malire a ngongole ndi oyenera kuwateteza, chifukwa popanda iwo munthu wamba sakanayerekeza kugula sheya pamsika wa masheya, ndipo ndalama za penshoni sizikanalowa m'makampani. Koma chitetezocho chinaperekedwa posinthana ndi zinthu zodziwika: kampani ilembetsedwe poyera, dzina lake lichenjeze anthu, mabuku ake anene zoona, ndipo katundu wake asasakanizidwe ndi wa mwini wake. Mwini kampani amene amatapa ndalama za kampani kukalipira zapakhomo, kapena amene amatseka kampani yangongole Lachisanu n'kutsegula ina Lolemba ndi katundu yemweyo, akudya mbali imodzi ya pangano n'kukana inayo. Ntchito ya makhoti, ya ofesi yolembetsa makampani ndi ya aliyense wopereka katundu pangongole ndi kuumirira kuti mbali zonse ziwiri zisungidwe.